Makasu a Mipini Yaifupi

Chaka chimene ndinagulitsa makasu ambiri kuposa zaka zonse ndi chomwechonso chimene ndinatsala ndekha. Anthu akamandiyamika kuti ndinali ndi mutu wa malonda ndimangoti zikomo, nkhani n'kuisiyira pomwepo. Lero ndiifotokoza yonse, poti ndakalamba, ndipo amene ankandifunsa mafunso atagwira chikoti anapita kwawo kalekale.

Ndinkagwira ntchito mu loja ya Mpwitikizi wina ku Fingoe. Tinkagulitsa za alimi: makasu, nkhwangwa, zikwakwa, mano a pulawo, unyolo wa ng'ombe, mbewu, kuwonjezapo mchere ndi nsalu pang'ono. Pakona panali matumba a adubu, fetereza uja, amene patarau wanga, bwana mwini loja, anaitanitsa kale nkhondo isanafike. Palibe anagulapo ngakhale kapu imodzi, moti tinkangowakhalira. Patarauyo anali munthu wotopa, wodwala zilonda za m'mimba, ndipo mkazi wake anali atathawira ku Beira mfuti zitangoyamba kumveka. Ine ankanditcha rapazi, mnyamata, chikhalirecho ndinali ndi mkazi, mwana wamkazi wa zaka zinayi, ndi dazi loyamba kuwala. Ndinkayankha ndithu. Ndinali nditayankha zaka khumi ndi ziwiri.

Nthawi imeneyo nkhondo inali itatifika pakhosi. Msewu wa ku Tete unali wa mabomba okwirira, ndipo katundu ankabwera ndi kolona, mdipiti wa magalimoto a asilikali, mwina kamodzi pamwezi, mwina osabwera. Anthu a m'midzi anali atawasamutsa mokakamiza n'kuwaunjika m'mudzi umodzi wa mpanda wa waya umene ankautcha aldeyamento, kuti asamapatse chakudya anyamata a kutchire amene ankamenyana ndi Apwitikizi. Nkhokwe zambiri zinapsa pa msamuko umenewo. Mkazi wanga ndi mwana ankakhala mu aldeyamento yapafupi ndi Fingoe, pamodzi ndi apongozi anga. Ine ndinkagona kuseri kwa loja ngati mlonda, n'kumapita kukawaona Lamlungu lokha.

Chaka choyamba cha waya makasu sanayende. Mabokosi anangokhala kuseri, dzimbiri likuyamba m'mphepete. Mwezi wa Junyo patarau anandiitana, atagwira pamimba.

"Rapazi, makasu awa akapanda kutuluka mvula isanagwe, ndikutseka. Ndikupita ku Beira. Ndatopa."

Kutopa kwake kunali kwake, koma kutseka kwa loja kunali imfa yanga. Mwamuna aliyense wopanda chikalata cha ntchito asilikali ankamutenga. Ena ankawapatsa mfuti kuti azilondera waya, ena ankawaika patsogolo pa kolona atagwira kachitsulo kosongoka, kumabaya msewu phazi ndi phazi kufufuza mabomba. Ndinali nditaonapo mmene ena a iwo ankabwerera, m'bulangete. Chikalata changa chinali m'thumba la malaya, ndipo chinali ndi moyo pokhapokha chitseko cha loja chikutseguka m'mawa. Ndinachita mantha, sindibisa.

Ndinamupempha kuti andipatse mlungu umodzi ndiganize.

Chaka cha mlimi ndinkachidziwa ngati chikhatho changa. Ndalama imalowa m'mudzi mwezi wa Julyo ndi Agosito, anthu akagulitsa mtedza ndi chimanga. Koma khasu saligula nthawi imeneyo. Munthu amagula nsalu ya mkazi, mchere, kenako mowa, khasu n'kulikumbukira mu Setembulo ndi Otubulo pamene wayamba kusosa, dzuwa lili pamutu, mitambo ikusonkhana madzulo n'kubalalikanso. Mbewu amaifuna mochedwerapo, mvula itanunkhira. Miyezi iwiri imeneyo ndiyo inkadyetsa loja chaka chonse. Mvula yoyamba ikangogwa malonda a makasu amafa, chifukwa aliyense ali kumunda ndi chimene ali nacho, ndipo a ku Chiputo suwaonanso mpaka mitsinje itaphwa.

Patarau anali ndi nzeru imodzi yokha: kutsitsa mtengo. Kenako ankadzitsutsa yekha. "Ndi chitsiru chokha chimene chimatsitsa mtengo nthawi imene anthu akufuna katundu," ankatero, n'kumwa mankhwala ake oyera aja. Apa sankanama. Chaka chapitacho anthu sanasiye makasu chifukwa cha mtengo. Ndinkawaona akulowa, akunyamula khasu, akuliiza ndi chala kuti amve ngati chitsulo chili chabwino, ndalama ili pamfundo ya nsalu, kenako n'kulibwezera m'bokosi. Munthu wodandaula mtengo amakangana nawe. Awa ankangotuluka.

Yankho ndinalipeza Lamlungu, kwa apongozi anga aamuna. Ndinawapeza atakhala pamthunzi wa khonde akumanga mpini wong'aluka ndi waya. Khasu lake linali litatha, latsala ngati chikhatho cha mwana. Ndinakhala patali monga mwa ulemu, nditayang'ana kumbali, n'kufunsa kudzera mwa mkazi wanga chifukwa chimene bambo sakugulira khasu latsopano, poti mkamwini wawo amagona pa makasu.

Anayankha osatukula mutu. "Muwauze bambo a mwana kuti chitsulo pachokha sichilima. Tikaliika pa chiyani?"

Ndinachita manyazi kuti zaka zonsezo sindinaganizepo. Ife tinkagulitsa chitsulo chokha. Mpini munthu ankakadula yekha kutchire, mtengo wolimba wokhala ndi mfundo kumutu kuti usang'aluke, n'kuusema, kuuumitsa, kenako kuotcha msuka wa khasu pamoto n'kuboolera. Palibe anagulapo mpini chibadwire. Koma tsopano mitengo yonse yozungulira waya anali ataigwetsa kuti asilikali aziona patali, yotsalayo inathera nkhuni, ndipo wopezeka kutsidya kwa mtsinje ndi nkhwangwa ankamuyesa wa kutchire. Mipini yakale inali itang'aluka, yosalolanso msuka watsopano.

Ndinabwerera ku loja ndikuthamanga pang'ono, mwamuna wadazi.

Ndinauza patarau kuti mtengo usasinthe ngakhale pang'ono. Tipereke basela: wogula khasu alandire mpini waulere, wosemasema, ndipo timuboolere pomwepo. Wogulanso mbewu ya chimanga timuwonjezere kapu ya nyemba kapena nthanga za maungu. Kale mbewu sinkayenda chifukwa aliyense ankasunga yake padenga, koma ndi nkhokwe zopsa zija, chaka chino ayifuna. Kenako tinawerenga chobwerera m'mbuyo, kuyambira pa mvula. Mvula yodzalira imagwa mu Novembulo. Basela ayambe pakati pa Setembulo, ndalama ya mtedza isanathere ku mowa, ndipo athe tsiku la mvula yoyamba, anthu adziwiretu kuti wochedwa wadzimana yekha. Mipini imafuna milungu isanu ndi umodzi pamthunzi kuti iume, ndiye idulidwe mu Julyo. Kalata yoitanitsa mbewu ipite ndi kolona ya Julyo yomweyo, kuti ngakhale kolona imodzi italephera, ina ifike nayo nthawi ikadalipo.

Patarau anandiyang'ana. "Ndani akadule mipiniyo? Iwe?"

Apa m'pamene panali ntchito. Tinapita limodzi kwa tenenti, mkulu wa asilikali a pamalopo, mnyamata wamng'ono kwa ine, wa maso ofiira chifukwa chosagona. Ndinaima pakhomo chipewa chili m'manja, patarau akulankhula. Tinapita katatu. Ulendo woyamba anati alibe nthawi. Wachiwiri anati nkhwangwa zisanu ndi imodzi kutchire ndi nkhwangwa zisanu ndi imodzi zopatsa adani. Wachitatu patarau anapita ndi botolo, ndipo anamuuza kuti anthu olima sathawa, amene amathawa ndi anjala. Mawu amenewo anali anga, ndinamuphunzitsa panjira. Tenenti analola: madoda asanu ndi mmodzi, okalamba okhaokha, alonda awiri owaperekeza, masiku khumi. Anawonjeza lamulo lake. Khasu limodzi pa munthu mmodzi, wogula abwere yekha, ndipo akhale munthu wolima. Sankafuna kumva kuti wina wagula mtolo.

Apongozi ndiwo anatsogolera madodawo. Malipiro awo anali khasu ndi mbewu aliyense. Mitengo ankaitula kuseri kwa loja, n'kumasemera pomwepo, pansi pa mtengo wa mango, mwezi wonse wa Agosito. Ndinkamva kasemasema kugogoda kuyambira m'mawa, ndipo mtima unkakhala pansi. Koma tsiku lina nditapita kukaona, ndinapsa mtima. Mipini yonse inali yaifupi. Mpini wa kwathu unkafika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Iyi inkangopitirira bondo pang'ono.

Mpongozi sumukalipira. Ndinatsokomola, ndinayang'ana mango, n'kunena kuti mwina bambo ayesa kuti tikugulitsa kwa ana a sukulu.

"Kumene tikulima chaka chino n'kwa miyala," anatero iwo, akupitiriza kusema. "Kukufuna mpini waufupi."

Minda imene anthu anagawiridwa pafupi ndi waya ndinkaidziwa. Inali ya mchenga, yotopa, yopanda mwala ngakhale wophera buluzi. Koma ndinadziuza kuti mitengo yaitali yowongoka ndi yosowa, kuti masiku khumi ndi ochepa, kuti nkhalamba zafuna kupeza mipini iwiri pa mtengo umodzi. Waulere ndi waulere, ndinatero mumtima, palibe adzauyeze ndi chingwe. Ndinabwerera ku loja ndikung'ung'udza za ulesi wa anthu okalamba.

Mbewu inafika ndi kolona yachiwiri, galimoto imodzi itatsala panjira. Sindinaikhulupirire, chifukwa inali itakhala m'dzuwa masiku ambiri. Ndinatenga njere makumi awiri, kuzikulunga m'chiguduli chonyowa, n'kumathirira. Pa tsiku lachisanu zinamera zonse kupatula ziwiri. Chigudulicho ndinachiyala pa tebulo la malonda kuti aliyense wolowa aone ndi maso ake. Patarau analemba chikwangwani chachikulu m'Chipwitikizi n'kuchikhoma pakhomo, ndipo anachiwerenga yekha ndi tenenti. Ine ndinapita kwa mphunzitsi wa tchalitchi kuti alengeze mapemphero akatha, ndinauza amayi awiri a pakamwa potentha ku chitsime, kenako ndinapachika makasu khumi a mipini yoyera pakhonde kuti aziwala ndi dzuwa la m'mawa. Panja ndinakonza mbaula ya makala yootchera misuka.

Tsiku loyamba anabwera anthu ochepa, ongoonerera. Tsiku lachitatu mzere unafika kumsewu.

Sindinagwirepo ntchito ngati milungu imeneyo. Kuyeza mbewu, kuthira basela, kuthamangira panja kukapemerera moto, kubwerera kudzakana munthu amene wabweranso kachiwiri atasintha mpango. Utsi wa mpini wopsa unkandilowa m'maso, msana unkandipweteka, mapazi ankatupa. Madzulo ndinkakhala pa matumba a adubu aja osatha ngakhale kuvula nsapato. Koma mabokosi ankachepa kuseri, ndipo bokosi lililonse lotha linali ngati mwezi wina wowonjezera pa chikalata changa.

Zinthu zina ndinkaziona. Ndikunena izi chifukwa pambuyo pake ndinalumbira kuti sindinaone kanthu, ndipo linali bodza la theka. Ndinkati ndikaboola mpini, kulowetsa khasu n'kulikhomera bwinobwino, mayi amalandira, kuthokoza, kenako kugogoda mpiniwo pamwala kuti chitsulo chituluke. Chitsulo m'nsalu, mpini m'khwapa. Ndinati akuopa kuti ana angadziteme panjira. Palibe anadandaula za kufupika kwa mpini, ngakhale amuna aatali. Ndinati ndi ulemu wa chinthu chaulere. Mbewu ankafunsa yocha msanga, ndipo pa basela ankasankha nthanga za maungu kuposa nyemba. Ndinati ndi njala. Mano a pulawo sanagulidwe ngakhale limodzi, chikhalirecho a ku Chipera amene anali ndi ng'ombe zotsala anabwera ndithu, n'kugula makasu ngati anzawo. Ndipo banja la kamunda kongokwanira mphasa zingapo linkabwera lonse, bambo, mayi, agogo, mtsikana wosinkhuka, aliyense khasu lake. Apa ndinangodziyamika kuti basela wanga wagwira anthu pamtima. Chilichonse ndinali nacho ndi yankho, ndipo mayankho onsewo ankandikomera ine.

Mkazi wanga anabwera mlungu wachinayi, mwana ali kumsana ngakhale anali wamkulu woyenda yekha. Anaima pamzere ngati wina aliyense. Atafika kutsogolo anaika ndalama ya makasu awiri.

"Limodzi pa munthu, mayi a mwana," ndinatero mokweza, kuti a pamzere amve kuti ine sindikondera.

"Linalo ndi lanu," anatero motsitsa.

Ndinaseka. "Langa? Ine khasu langa ndi sikelo iyi. Ndikalime kuti, kuseri kwa loja?"

"Munthu sadziwa. Mwina chaka chino mungafune kulima nafe."

"Ndikalima ine, mchere wa pakhomo ubwera ndi ndani?"

Anthu a pamzere sanaseke, ndipo ndinadabwa pang'ono, poti nthabwala zanga zinkayenda pa tebulo limenelo. Mkazi wanga anatenga khasu limodzi, mbewu, ndi kapu yake ya nthanga. Ndalama yotsala anaimanganso pamfundo. Lamlungu lotsatira, ndikudya, anabwerezanso. Anati bambo ake akufunsa ngati sindingathe kupatula chitsulo chimodzi chokha, iwo adzasema mpini wa msinkhu wanga. Ndinali wotopa, ndipo ndinakwiya. Ndinamuuza kuti lamulo la tenenti si langa, kuti mutu wanga ndi umene uli pa mpeni, kuti ndikugwira ntchito usana wonse kuti iye ndi mwana akhale ndi mwamuna wamoyo, ndiye asandivutitse ndi khasu limene sindidzaligwira. Anangoti, "Chabwino, bambo a mwana," n'kundithirira madzi osamba m'manja. Mwana anandiperekeza mpaka pa chipata cha waya, atagwira chala changa.

Pofika kumapeto kwa Otubulo kuseri kunalibe bokosi ngakhale limodzi. Patarau anatsegula mowa wa m'botolo n'kundipatsa, koyamba m'zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anati za ku Beira ziyambe zaima. Anayamba kale kukamba za chaka chamawa, kuti tidzadule mipini yambiri, tidzayambe msanga. Tenenti anadutsa, anaona makhoma opanda kanthu, anagwedeza mutu mokhutira. Anati anthu ayamba kuzolowera malo awo atsopano. Ine ndinagona tulo tabwino mlungu wonse umenewo.

Mvula inagwa Lachiwiri masana, yamphamvu, n'kupitirira mpaka Lachitatu. Lachinayi kunacha kwa mitambo, nthaka itafewa. Tsiku lodzala linali tsiku lokhalo pachaka limene alonda ankatsegula chipata kwa aliyense nthawi imodzi, chifukwa kudzala kumafuna manja onse, wokumba patsogolo, woponya mbewu pambuyo. Ndinawaona ena akudutsa patali pamene ndinkatsegula loja. Makasu akale aja pamapewa, mbewu pamutu, ana kumsana, mphasa zokulungakulunga zoti ana akakhalire kumunda. Palibe chinali chachilendo. Ndinasesa khonde, ndinachotsa chikwangwani cha patarau poti basela anali atatha, ndinakhala pa adubu kudikira ogula mchere.

Dzuwa litapendeka, nthawi yoti anthu azibwerera, chipata chinalandira nkhalamba zochepa ndi mabanja a alonda. Ena onse sanabwere. Asilikali anathamangira kuminda n'kupeza mizere iwiri itatu yokumbidwa pafupi ndi njira, kwinako osakhudzidwa. Mvula inayambanso madzulo omwewo n'kufufuta mapazi. Mitsinje inadzaza, galimoto sizikanatha kuwoloka. Anthu anali atapita kumapiri a kumpoto, kumene anyamata a kutchire ankalamulira, ena mpaka kudutsa malire a Zambia.

Pamenepo m'pamene zonse zinandibwerera, chimodzichimodzi, ndili chiimire pakhonde. Munthu wokayamba moyo kutchire safuna pulawo. Amafuna khasu latsopano loti likhale zaka, mbewu yocha msanga, ndi maungu oti adye masamba ake chimanga chisanakhwime. Mpini waufupi umalowa m'mphasa osatulukira, ndipo mlonda wa pachipata amangoona khasu limodzi lakale paphewa. Kumene ankapita kunali kwa miyala ndithu. Apongozi sananame ngakhale liwu limodzi.

Asilikali anadzanditenga m'mawa mwake. Za masiku atatu amenewo sindikonda kukamba, ndipo khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero. Funso linali limodzi: ndani anandituma kukonzera anthu ulendo? Ndinkayankha zoona, kuti ndinkafuna kugulitsa makasu. Chimene chinandipulumutsa ndi patarau. Anabwera atagwira pamimba pake paja, n'kuuza tenenti kuti, "Mkazi wake wapita, mwana wake wapita, iye mwamupeza akusesa khonde. Munthu wodziwa akanatsala? Uyu ndi chitsiru chabe." Sindinayambe ndathokozapo munthu chifukwa chonditukwana ngati tsiku limenelo. Tenenti nayenso sankafuna kuti nkhani ipite patali, poti chilolezo cha mipini chinali ndi dzanja lake.

Atanditulutsa ndinapita ku aldeyamento, ndikukoka mwendo. Nyumba zinali zotsegula, nkhuku zikulowa ndi kutuluka. M'nyumba mwathu munatsala mtondo, mtsuko waukulu, ndi malaya anga a Lamlungu atapindidwa bwino. Pakona panatsamira mpini umodzi. Unali wautali, wofika m'chiuno mwanga ndendende, wosalala kuposa yonse imene tinagawa, wopanda chiboo chifukwa panalibe chitsulo choti aboolere. Ndinakhala pansi ndi mpiniwo pamiyendo, ndipo ndinalira ngati mwana, mokweza, poti panalibenso wondimva.

Loja inatsekedwa Khirisimasi isanafike. Patarau sanandikalipire. Anangoti tagulitsa makasu onse, ndipo tagulitsa ndi ogula omwe. Anakwera kolona ndi masutikesi awiri, adubu anamusiya pakona pomwepo. Chikalata changa chinafa tsiku lomwelo, ndipo mwezi usanathe ndinali patsogolo pa magalimoto ndi kachitsulo kosongoka m'manja, ndikubaya msewu wa ku Tete. Ndinabaya mpaka nkhondo inatha. Sindidziwa chifukwa chake ndinatsala wamoyo pamene anzanga a kumanja ndi kumanzere anapita. Masiku ambiri ndinkayenda osaopa n'komwe, chifukwa kuopa nakonso kumafuna mphamvu.

Nkhondo itatha anthu anayamba kubwerera, pang'onopang'ono. Apongozi aamuna sanabwerere, anawaika kumapiri komweko. Mkazi wanga anabwera ndi khanda kumsana, la mwamuna wina amene anamuthandiza kuswa mphanje chaka choyamba chija. Sindinamuimbe mlandu. Munda wa kutchire sulimidwa ndi munthu mmodzi. Mwana wanga anali atatalika, ndipo anandigwadira patali n'kundipatsa moni wa mlendo.

Tinakhala pansi pa mango uja, kuseri kwa loja yopanda denga. Tinakamba za amene anamwalira ndi amene anatsala ku Zambia. Pomaliza ndinafunsa chimene ndinkachibaya mumsewu zaka zonsezo.

"Bwanji simunangondiuza poyera, mayi a mwana?"

"Ndinakupemphani kawiri."

"Munandipempha khasu. Mukanati tikuthawa, tiyeni."

Anasuntha khanda kulibweretsa kutsogolo, n'kundiyang'ana mosakwiya. "Inu simukanatipereka kwa asilikali, zimenezo tinkadziwa. Koma mukanapita kwa patarau wanu kukamuchenjeza kuti chaka chamawa asaitanitse makasu ambiri."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse. Ndinaganiza za munthu uja wadazi wothamanga kuchokera kwa apongozi ndi nzeru yake ya mipini, wosatha kusunga kanthu kokhudza malonda ngakhale usana umodzi. Ndinatsekanso pakamwa. Iye anadzuka, anakonza nsalu, anaitana mwana wathu, ndipo anapita kumene ankakhala.